Mizere Isanu ndi Iwiri ya Anjimile

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi Anjimile Mtambalika ankakolopa m'sitolo ya makina osokera ya mzungu wina, Pettifer, pa High Road ku Tottenham, ndipo m'zaka zonsezo mzunguyo sanayeseko n'kamodzi komwe kutchula dzina lake lonse. Ankangoti "Anji", ngati akuitana mphaka. Anjimile ankayankha, chifukwa munthu wothawa kwawo sasankha dzina lomuitanira, koma mumtima ankadziwa kuti m'sitolo monsemo panalibe wodziwa makina kuposa iye.

Kwawo ku Karonga anali mphunzitsi wa zosoka pasukulu ya amayi ya mishoni. Anakwatiwa ndi a Rowland, mnyamata wa ku Ntcheu amene anabwera kudzaphunzitsa Chingerezi n'kukwera mpaka kukhala hedimasitala. Chipwirikiti cha ndale cha mu 1964 chitawakhudza, anathawa ndi mwana wawo Joyce kumsana, nakhala ku Tanzania, kenako ku Zambia, mpaka anadzatsikira ku London mu 1971 ndi masutikesi awiri. A Rowland anapeza ntchito yosankha maphukusi ku positi. Anjimile anapeza ndowa ndi chokolopera.

Nthawi imeneyo Tottenham ndi Edmonton kunali kosoka. M'nyumba zambiri za kanselo munali mayi wokhala pamakina kuyambira m'mawa, akulumikiza masiketi ndi mabulauzi amene galimoto ya kufakitale inkasiya pakhomo ali mitolomitolo, odulidwa kale. Amayiwo anali a ku Cyprus, a ku Bangladesh, a ku Ghana, a ku Zambia. Chingerezi ankachidziwa, inde, koma chinali chachiwiri, kwa ena chachitatu, chophunzirira m'basi ndi kuchipatala. Amenewa ndiwo anali oyenera kugula makina a Pettifer. Koma ankangosuzumira pawindo n'kupitirira.

Pettifer ankalemba yekha timapepala toitanira anthu, ndipo ankalemba ngati akucheza ndi anzake kumowa. Tinali todzaza ndi nthabwala ndi zining'a za eni London, zoti makina awa ndi "a snip", zoti "give us a bell". Mayi akalimba mtima n'kulowa, kapepala kali m'manja, Pettifer ankamulankhula mothamanga, akaona kuti sakumva n'kuyamba kukuwa mawu omwewo, ngati vuto lili m'makutu. Mayi uja ankagwedeza mutu, kumwetulira, n'kumabwerera cham'mbuyo. Pakhomo m'pamene ankakumana ndi Anjimile ndi ndowa yake.

"Mumasoka chiyani?" Anjimile ankafunsa m'Chingerezi chapang'onopang'ono. "Masiketi? Angati pa tsiku? Makina awa ndi othamanga. Khalani. Yesani."

Ambiri amene anagula m'sitolo muja anagula chotero, atagwidwa dzanja ndi wokolopa. Pettifer ankangotulukira pomaliza ndi buku la maoda, n'kumadzitama madzulo kuti lero wagulitsa awiri. Zimenezi zinkamuwawa Anjimile mpaka m'mafupa.

Mu Seputembala 1978 wogulitsa wamkulu wa m'sitolomo anapuma pantchito. Pettifer ananena poyera kuti malowo apatsa Colin, mwana wa mlongo wake, mnyamata amene sankadziwa ngakhale kulowetsa ulusi pa singano. Tsiku limenelo Anjimile anaimika chokolopera pakona n'kukagogoda pa ofesi.

"Ntchitoyo ndikuifuna ine," anatero.

Pettifer anaseka mpaka kutsokomola. Koma Anjimile sanasunthe, ndipo mzunguyo pofuna kuti nkhani ithe anatchula zimene ankaganiza kuti sizingatheke. Anati Anjimile alembe yekha kapepala, iye alipira kusindikiza timapepala zikwi ziwiri ndi kutigawa m'makomo. Loweruka pa 14 Okotobala amayi makumi awiri akabwera kudzayesa makina, ntchito ndi yake. Akapanda kukwana, asadzaitchulenso.

Anjimile analemba kapepalako kwa masabata awiri, ndipo aliyense womuona akanati akulemba malamulo a dziko. Ankalembera m'basi ya 279 popita ndi pobwera, kope pabondo. Poyamba kanali ndi mizere makumi awiri. Akamaliza ankapita nako kwa mnzake Beatrice, mayi wa ku Chipata wokulira ku Lusaka, amene ankasoka mabulauzi m'nyumba ya kanselo pamwamba penipeni ndipo sukulu analekeza Giredi 5. Anjimile sankamufunsa kuti "wamva?", chifukwa ankadziwa kuti munthu aliyense waulemu amayankha kuti eya. Ankamupatsa pepala, kudikira awerenge, kulilanda, n'kunena kuti, "Tsopano ndiuze. Akuti chiyani? Akufuna uchite chiyani?"

Mzere umene Beatrice walephera kuubweza, Anjimile ankaufufuta kapena kuudula pawiri. Mawu akuti "demonstration" anagwa tsiku loyamba, chifukwa Beatrice anati amenewo ndi a anthu oguba mumsewu ndi zikwangwani. "No obligation" anagwa tsiku lachiwiri. Deti analemba mwezi wake m'mawu, osati manambala okhaokha. Chinthu chimodzi anachipatsa dzina limodzi, makina akhale makina kuyambira pamwamba mpaka pansi, asasanduke "model" kapena "unit" panjira. Kenako anakayesanso kwa Androulla, mayi wa ku Cyprus woyandikana ndi Beatrice, amene ankawerenga ndi chala. Zonse zitatha panatsala mizere isanu ndi iwiri, ndi adiresi pansi:

Do you sew at home?
We sell sewing machines.
Come and try one on Saturday 14 October at 10 in the morning.
Trying is free.
You do not have to buy.
Bus 279 stops at our door.
Ask for Anji.

Basi. Kodi mumasoka kunyumba, ife timagulitsa makina, bwerani mudzayese tsiku lakuti nthawi yakuti, kuyesa n'kwaulere, simukakamizidwa kugula, basi yakuti imaima pakhomo pathu, mufunse Anji. Sichinali Chingerezi chothyokathyoka chimene azungu ena amalankhula kwa alendo ngati akulankhula ndi khanda. Chinali cholondola, choongoka, chimene munthu wotopa angawerenge ataimirira pakhomo, mwana akulira. Pettifer anakayang'ana n'kunena kuti kakufanana ndi buku la ana a sukulu ya mkaka, koma anati zikakanika ndi zako, pita nako.

Wosindikiza anali ku Edmonton, pafupi ndi kuntchito kwa a Rowland. Apa m'pamene Anjimile analakwa, ndipo mpaka lero akakumbukira amaluma mano. A Rowland anadzipereka okha kuti akasiya pepalalo popita kuntchito, iye n'kuwapatsa ndi manja awiri, akuthokoza. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Muyenera kuwadziwa a Rowland. Pakati pa Amalawi a ku North London, iwo ndiwo anali mwini Chingerezi. Wofuna kulembera ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka ankabwera kwa iwo. Wofuna mawu okanena pa ukwati kapena pa maliro ankabwera kwa iwo. Ankapita kukanyamula maphukusi atavala tayi. Nyumba, sukulu, ulemu, munda wa ku Ntcheu, zonse anazisiya, koma Chingerezi chawo palibe msilikali amene akanawalanda pamalire, ndiye ankachisamala ngati mwana mmodzi yekhayo. Kalata yawo inkayamba ngati sitima ya katundu, mabogi ambirimbiri, mutu wake osaoneka.

Lachisanu lake Anjimile anafunsa ngati timapepala tatuluka.

"Tatuluka bwino kwambiri, mayi a Joyce," a Rowland anatero akupukuta magalasi. "Mudzanyadira."

Anyamata a wosindikiza anatigawa m'makomo a ku Tottenham Lachiwiri ndi Lachitatu. Lachinayi m'mawa Anjimile anakumana ndi amayi awiri a ku Ghana pamalo okwerera basi, anthu amene ankamupatsa moni tsiku ndi tsiku. Atamuona anatembenuka n'kuyamba kuwerenga mwachidwi chikwangwani cha nthawi za mabasi. Iye anangoti mwina agona ndi mavuto awo.

Loweruka anafika seveni koloko. Anakolopa, anapukuta makina asanu ndi limodzi, anawathira mafuta, anadula nsalu zoyesera, anandandalika mipando makumi awiri yobwereka kutchalitchi. Anavala diresi yabuluu imene anadzisokera. Teni koloko inakwana. Leveni inakwana. Basi ya 279 inkaima pakhomo, kutsitsa anthu, anthuwo n'kumwazikana. Ngakhale Beatrice, amene analonjeza kubwera ndi anzake anayi, sanaoneke. Colin anakhala pampando umodzi, miyendo pa wina, akudya tchipisi.

Itakwana wani koloko Pettifer anatuluka mu ofesi ali ndi katoni ya timapepala totsala imene wosindikiza anabweretsa dzulo lake.

"Usadandaule, Anji," anatero, mokoma mtima konyansa kuja. "Kapepalaka kali bwino zedi. Sindinkadziwa kuti ungalembe chonchi, kaja koyamba ndinkachita nako manyazi. Koma waona? Ngakhale ulembe bwino chotani, anthu amenewa sawerenga."

Anjimile anatenga kamodzi. Poyamba anaganiza kuti wosindikiza wasokoneza ndi ka anthu ena. Mizere yake isanu ndi iwiri panalibe. Panali chipupa cha mawu kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo chinkayamba chonchi: "It has come to our attention that certain persons within this borough are engaged in the manufacture of garments upon domestic premises. Such persons are hereby requested to present themselves..." Za kuyesa kwaulere zinali m'ndime yachinayi, zitakwiriridwa pansi pa "without prejudice or obligation". Basi ya 279 inali itasanduka "public conveyance". Pansi penipeni, m'zilembo zakuda, panali dzina lake lonse: Mrs A. Mtambalika, Officer for Demonstrations.

Liwu la mwini kalatayo analimva ngati ali naye m'chipindamo. Anapinda kapepalako, kukaika m'chikwama, n'kubweza mipando kutchalitchi yekha, iwiriiwiri, maulendo khumi.

Kuchokera kutchalitchi sanapite kwawo. Anakwera masitepe a kwa Beatrice n'kugogoda. Chitseko chinatseguka pang'ono, tcheni chili chokoleka.

"Muli mweka?" Beatrice anafunsa, akusuzumira kumbuyo kwake.

"Ndili ndekha. Tsegula, iwe."

M'nyumbamo munali zii. Pakona pamene pankakhala makina panali tebulo ndi duwa la pulasitiki. Makinawo Anjimile anakawapeza kubafa, atakutidwa ndi mabulangete awiri. Beatrice ndi mwamuna wake Killian anawakokera kumeneko Lachiwiri lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo sanasoke ngakhale kolala imodzi. Galimoto ya kufakitale inabwera Lachisanu, n'kutenga mitolo yosasoka kukapatsa wina.

"Manje imwe ba Anji, munafuna tichite bwanji?" Beatrice anatero, misozi ili m'maso. "Letter yabwela, yakamba ati taziba muli kusoka mu nyumba, bwelani muzionekele. Ni ba council chabe bamalemba so, olo ba tax. Elo pansi pali zina yanu, Officer! Androulla mashini yake anapeleka kwa brother wake ku Palmers Green. Bonse mu block bakamba ati ndimwe munapeleka mazina."

Amayi ambiri osoka m'nyumba ankakhala ndi mantha amenewo chaka chonse. Makina a fakitale amachita phokoso, oyandikana nawo ankadandaula, ndipo palibe amene ankadziwa bwinobwino ngati a kanselo amalola kapena ayi. Munthu wowerenga chinenero chachiwiri akalandira pepala lovuta samaliwerenga lonse. Amagwira mawu awiri atatu amene akuwadziwa, amayang'ana maonekedwe ake, n'kuganiza yekha zotsalazo. Pepala la a Rowland linkaoneka ngati samani, ndiye analiwerenga ngati samani. Ndipo Anjimile, mkazi amene anathawa kwawo chifukwa cha akazitape, tsopano ankatchedwa kazitape pa masitepe a ku Tottenham.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anamugwira Beatrice pamkono n'kupita naye kwawo ku Edmonton. Anapeza a Rowland atakhala pampando wawo, nyuzipepala m'manja. Anjimile sanakuwe. Anayala kapepala kaja patebulo n'kukasalaza ndi chikhatho.

"Bambo a Joyce, tawerengani kalata yanuyi. Mokweza. Mlendo amve."

A Rowland anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana Beatrice, n'kuona kuti pothawira palibe. Anaimirira, pakuti sankawerenga chokhala, nawerenga yonse ndi mawu a pa asembule, akupuma pa koma aliyense. Kunena zoona inkamveka bwino, ngati nyimbo ya m'buku.

"Beatrice," Anjimile anatero, "akuti chiyani? Akufuna uchite chiyani?"

"Ati tizipeleke. Ati tagwidwa."

"Akugulitsa chiyani?"

"Bagulisa? Kuli vogulisa?"

A Rowland anavula magalasi. "Amayi, kalatayi ndi yoitana mwaulemu. Mawu akuti requested..."

"Musamuphunzitse," Anjimile anawadula, chinthu chimene anali asanachitepo pamaso pa mlendo m'zaka makumi awiri za ukwati. "Simukhala naye pakhomo pamene akuwerenga. Makomo zikwi ziwiri, mukaima pa lililonse ndi choko?"

"Mayi a Joyce, ine ndinkakutetezani. Dzina la Mtambalika lituluke m'makina osindikizira pansi pa Chingerezi cha Sitandade 2? Do you sew at home! Anthu akanati chiyani? A Bester, a Augustine, onse amene ndimawalembera makalata, akanati mkazi wa hedimasitala sadziwa kulemba. Azungu amatiyesa mbuli kale. Tiziwapatsanso umboni?"

"Ndiye munalembera a Bester ndi a Augustine? Amasoka masiketi a Bester?"

A Rowland anaika kalata ija patebulo.

"Ine Chingerezi chanucho ndimachidziwa," Anjimile anapitiriza. "Hereby ndimamudziwa. Premises ndimamudziwa. Ndinawachotsa dala, mmodzimmodzi, masabata awiri, m'basi. Inu munaona mizere yochepa n'kuganiza kuti mkazi wanga wasowa mawu, ndimuthandize wosaukayu. Simunandifunse n'komwe. Pettifer amandiyesa ndowa, chabwino, ndi mzungu wa eni. Koma inu? Zaka zisanu ndi chimodzi ndikugwada pansi m'sitolo muja, khomo linatseguka kamodzi kokha, inu n'kulitseka ndi Chingerezi. Ndipo mnzangayu ana ake adya chiyani sabata ino? Adya hereby?"

Beatrice anayang'ana pansi, akufuna nthaka imumeze. A Rowland anakhala pansi pang'onopang'ono. Anali munthu wonyada koma sanali woipa, ndipo chimene chinawalasa kwambiri si mawu a mkazi wawo ayi, chinali funso lija la Beatrice, loti kodi kuli zogulitsa. Mphunzitsi amene kalasi yonse yalephera mayeso ake amadziwa yekha kuti wolephera ndani.

"Ndichite chiyani?" anafunsa.

Anjimile anali ataganiza kale. Lolemba anapita kwa Pettifer kukapempha Loweruka lina. Pettifer anati pangano ndi pangano, Colin ayamba pa 1 Novembala, ndipo iye sasindikizanso kanthu. Anati ngati Anji akufuna kuitana anzake kudzasewera ndi makina, aitane, bola pansi pakhale poyera. Anjimile anati zikomo. Potuluka anagula makadi oyera mazana atatu pa sitolo ya zolembera, n'kukawaika pamaso pa amuna ake pamodzi ndi kope lake la m'basi.

"Dzanja lanu ndi lokongola," anatero. "Kopani. Deti ndi 4 Novembala. Mukasintha ngakhale kadontho, ndikang'amba."

Anthu amene a Rowland anawalangapo ku Karonga powalembetsa mzere umodzi kambirimbiri akanalipira kuti adzaone zimenezi. Hedimasitala wathunthu, tayi pakhosi, atakhala patebulo la kukhitchini masana onse a Loweruka ndi Lamulungu, akulemba "Do you sew at home?" mobwerezabwereza. Joyce, amene tsopano anali namwino wophunzira ndipo Chichewa ankangomva osayankha, anabwera kudzacheza n'kufunsa kuti, "Mum, is Dad in detention?" Palibe anaseka, kupatula Anjimile, panja.

Asanayambe khadi loyamba a Rowland anakweza mutu. Anati pakufunika mawu ochotsa mantha amene kalata yoyamba inabzala, ndipo Anjimile anavomera kuti apo anena zoona. Anatenga pepala lapadera n'kuyamba: "We wish to tender our unreserved apologies for any..." Anamva maso a mkazi wawo pakhosi, naima. Anafufuta. Anakhala nthawi yaitali, cholembera m'kamwa, thukuta likutuluka ngati akusenza maphukusi a Khirisimasi. Kenako analemba: "We are a shop. We are not the council." Anjimile anapita nazo kwa Beatrice, Beatrice anazibweza bwinobwino, kenako kwa Androulla, amene anawerenga ndi chala n'kupuma mpweya waukulu. Mawuwo anaikidwa pamwamba penipeni.

Makadiwo Anjimile sanatume munthu. Anawagawa yekha, pamanja, m'mawa asanalowe ntchito ndi masana popuma: pamasitepe, pamalo okwerera basi, pakhomo la tchalitchi, pamene galimoto ya kufakitale inkatsitsa mitolo. Ena anamutsekera chitseko. Mayi wina wa ku Ghana anamulalatira kuyambira pansanjika yachitatu mpaka pansi. Iye ankangonena mawu omwewo, kuti kalata ija inali yolakwika, ndine wa m'sitolo, werengani iyi.

Pa 4 Novembala anafika seveni koloko monga mwa masiku onse, koma diresi yabuluu anaisiya kunyumba. Anavala epuloni yake yakale n'kumanga duku. Mipando sanabwereke. Colin anali kuseri kwa kauntala ndi suti yatsopano ndi buku la maoda, akuyesa zolembera.

Teni koloko isanakwane Beatrice analowa ndi anzake asanu. Kenako Androulla ndi azilamu ake atatu. Basi ya 279 inaima n'kutsitsa amayi a ku Bangladesh asanu ndi awiri, aliyense khadi m'manja. Pofika hafu pasiti teni munali amayi makumi atatu ndi mmodzi. Anjimile anawawerenga kawiri, ali pakona, akufinya chokolopera.

Colin anatuluka akumwetulira n'kuyamba kulakatula zimene analoweza m'kabuku ka kampani yopanga makinawo, mothamanga, za masititchi zikwi zakuti pa mphindi ndi za ma "easy terms". Amayi anamuyang'ana mwaulemu. Androulla anakweza khadi lake n'kuloza mzere womaliza ndi chala.

"Anji," anatero.

"Anji ndi wokolopa, mayi. Ine ndi amene..."

"Paper say Anji."

Colin anakhala pamakina kuti awaonetse yekha. Anaponda mwamphamvu, makina analira, ulusi unapota chisa pansi pa nsalu, singano n'kuthyoka. Mayi wina anaseka m'chinenero chake, ndipo kuseka sikufuna womasulira. Awiri amene anali pafupi ndi khomo anayamba kumanga mabatani a makhoti awo.

Pettifer anaona zonsezi pawindo la ofesi. Amayi makumi atatu m'sitolo yake tsiku limodzi anali asanawaonepo chitsegulire, ndipo awiri anali atagwira kale chitseko. Anatuluka mothamanga, nkhope itafiira.

"Anji! Ukuchita chiyani uko? Bwera uwathandize anthuwa!"

Anjimile anaviika chokolopera m'ndowa, anachifinya bwinobwino, n'kuyamba kukolopa mozungulira nsapato za Colin. "Ndikugwira ntchito yanga, bwana. Munati pansi pakhale poyera."

Amayi aja mwina sanamve liwu lililonse, koma nkhaniyo anaimva yonse. Pettifer anayandikira n'kutsitsa mawu. Anayamba kuzungulira monga amachitira anthu akwawo akapanikizika: kuti iye akuganiza kuti mwina, poona mmene zinthu zilili, sikungakhale kosatheka kuti nkhani ija iunikidwenso m'tsogolo muno, ngati mbali zonse zingamvetsetsane, ndipo pakadali pano akanayamikira Anji akanaona ngati angathe kuthandizako pang'ono.

Anjimile anamudikira mpaka amalize. Kenako anatembenukira kwa Beatrice n'kufunsa m'Chingerezi, mokweza, kuti aliyense amve: "Beatrice, akuti chiyani? Akufuna ndichite chiyani?"

"Sininamve olo kamozi," Beatrice anatero, n'kubwerezanso m'Chingerezi kuti bwana asavutike.

"Nanenso sindinamve, bwana Pettifer. Chingerezi ndi chinenero changa chachitatu. Nenani mwachidule."

Chitseko chinalira, amayi awiri aja akutuluka. Wachitatu ananyamula chikwama. Pettifer anayang'ana chitseko, anayang'ana mwana wa mlongo wake amene ankalimbana ndi ulusi.

"The job is yours," anatero.

"Ya ndani?"

"Yours, Anji."

"Dzina langa munaliona pa kapepala kaja kamene munakakonda. Linalembedwa lonse."

Zinamutengera maulendo atatu, ndipo ulendo wachitatu Beatrice anachita kumuthandiza, koma analitchula: Mrs Mtambalika. Apo Anjimile anavula epuloni, anaipinda, n'kuiika pakauntala. Analanda buku la maoda m'manja mwa Colin, m'malo mwake n'kumugwiritsa chokolopera, chifukwa pakhomo panali matope a anthu makumi atatu. Anatuma Beatrice kuti athamangire awiri aja asanakwere basi. Kenako anakhala pamakina, anachotsa singano yothyoka, analowetsa ina, n'kuyang'ana mayi amene anali pafupi.

"Mumasoka chiyani?" anafunsa. "Khalani. Yesani."